Kudula mawu ongodzaza malo mu sikiriputi: yambani ndi wotchi

Sikiriputi ndi mawu olembedwa kuti akalankhulidwe, kaya pa wailesi, mu vidiyo kapena pa chilengezo chojambulidwa. Munthu wowerenga nyuzi akafika pa chiganizo chopanda mutu amangochidumpha ndi maso. Womvera alibe mwayi umenewo. Liwu lililonse lomwe mwalemba adzalimva mpaka kumapeto kwake, ndipo likamutopetsa amangochoka. N'chifukwa chake sikiriputi siyezedwa ndi kutalika kwa tsamba, imayezedwa ndi masekondi.

Tigwira ntchito ndi sikiriputi imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndi ya vidiyo ya masekondi 30, yolangiza anthu mmene angasungire moto wa batire la foni. Mlembi wailemba motere, ndipo mizere ndaiika manambala kuti tizitha kuitchula:

1. Moni nonse okondedwa anga, takulandiraninso, ndipo lero ndikufuna ndikuuzeni za nkhani yofunika kwambiri.
2. Monga mukudziwa, anthu ambiri masiku ano amadandaula kuti batire la foni limatha msanga.
3. Ndiye chomwe chimachitika kwenikweni ndi chakuti nthawi zambiri sikirini ya foni yanu ndi imene imadya moto wambiri zedi.
4. Choncho chinthu choyamba chimene muyenera kuchita ndi kuonetsetsa kuti mwachepetsa kuwala kwa sikiriniyo.
5. Chinanso chomwe mungathe kuchita ndi kuyatsa Battery Saver ndi cholinga chakuti mapulogalamu asamagwire ntchito kuseri pa nthawi imene simukuwagwiritsa ntchito.
6. Basi, mwachidule ndi zimenezo, ndikukhulupirira kuti mwaphunzirapo kanthu.

Chichewa chake n'cholondola, palibe cholakwika pa malamulo a chiyankhulo. Vuto ndi lakuti sikukwana mu nthawi yake.

Choyamba: yezani musanadule kanthu

Tsegulani wotchi yowerenga masekondi pa foni, imirirani, muwerenge sikiriputi yonse mokweza monga mudzalankhulire pojambula. Kuwerenga chamumtima kumanamiza, chifukwa maso amathamanga kuposa lilime ndipo sapuma mpweya. Werengani katatu, mutenge nthawi ya ulendo umene munachedwa kwambiri, poti pa maikolofoni munthu wofuna kumveka bwino amalankhula mofatsa kuposa poyeserera.

Mwina munamvapo lamulo loti munthu amalankhula mawu pafupifupi 150 pa mphindi. Lamuloli linapangidwira Chingerezi, ndipo pa Chichewa lidzakusocheretsani. Liwu limodzi ngati "simukuwagwiritsa" lanyamula kukana, wochita, nthawi, wochitiridwa ndi mneni, zonse pamodzi, ndipo pakamwa limatenga nthawi ya mawu angapo aafupi. Sikiriputi yathuyi ili ndi mawu 85. Potsatira lamulo lija ikanatenga masekondi 34, ndipo mlembi akanaganiza kuti wangopyola pang'ono.

Muyeso wodalirika ndi maphatikizo. Kuwawerenga n'kosavuta, chifukwa m'Chichewa pafupifupi phatikizo lililonse limakhala ndi lembo limodzi mwa a, e, i, o, u. Werengani malembo amenewa, kenako muwonjezere "m" woima payekha monga wa mu "msanga", amene amamveka ngati phatikizo lakelake. Mukagawa maphatikizo onse ndi masekondi omwe wotchi yakupatsani, mupeza liwiro lanu. Aliyense ali ndi lake, choncho musabwereke la mnzanu. Pano tiyerekeze kuti wolankhula wathu amatchula maphatikizo 5 pa sekondi. Sikiriputi ili ndi maphatikizo 244, kutanthauza masekondi 49, osapuma ngakhale kamodzi.

Tsopano dziikireni malire. Pa masekondi 30 aja patulani 4 opumira, poti wolankhula ayenera kukoka mpweya ndipo womvera ayenera kumeza zomwe wamva. Otsala 26 akupatsani maphatikizo 130. Lembani nambalayi pamwamba pa tsamba, pomwe maso azingoiona. Kuyambira pano, mzere uliwonse lembani pambali pake maphatikizo ake, kuti muziona ndi maso kumene nthawi ikuthera.

Chachiwiri: chotsani mizere yathunthu

Anthu ambiri amayamba ndi kusaka timawu ngati "zedi" ndi "ndithu". Kumeneko n'kuyambira kumchira. Mukhoza kutha ola lathunthu mukusalaza chiganizo chomwe pamapeto pake muyenera kuchitaya chonse. Yambani ndi zikuluzikulu.

Lembani m'chiganizo chimodzi chimene mukufuna womvera achite kapena adziwe akamaliza kumva. Pa sikiriputi yathu n'chakuti: asinthe zinthu zingapo pa foni kuti batire lizikhalitsa. Ndiye phimbani mzere uliwonse ndi chala, muwerenge yotsalayo, mudzifunse ngati womvera wataya china chimene akuchifuna kuti afike pa cholingacho.

Mzere woyamba ukaphimbidwa palibe chotayika. Uli ndi maphatikizo 40, masekondi 8 athunthu, ndipo ukatha womvera sakudziwabe kuti nkhani ndi ya chiyani. Wangouzidwa kuti ndi yofunika, koma kufunika kwa nkhani womvera amadzionera yekha ikayamba. Masekondi oyambirira ndi amene munthu amasankhira kukhala kapena kuchoka, ndiye si pomwe mungaikepo malonjezo. Ndikudziwa kuti kuchotsa moni kumaoneka ngati kupanda ulemu, ndipo pa pulogalamu ya mphindi 30 sindingakuuzeni kuti muuchotse. Pa masekondi 30, ngati mtima sukulola, siyani liwu limodzi loti "Moni", maphatikizo awiri okha, mulowe m'nkhani.

Mzere wachisanu ndi chimodzi nawonso upite. Ukunena za sikiriputi, osati za batire. Mizere yotere muidziwe ndi mawu ngati "ndikufuna ndikuuzeni", "monga ndanena kale", "tisanapitirire", "mwachidule". Yonse ikufotokoza ulendo wa nkhani m'malo mokamba nkhaniyo. Mizere iwiriyi ikachoka tatsala ndi maphatikizo 177, masekondi ngati 35, tisanakhudze liwu limodzi mkati mwa chiganizo.

Chachitatu: pezani pomwe chiganizo chikuyambiradi

Apa ndi pomwe pali phindu lalikulu, choncho tifatse. Munthu akamalankhula osakonzekera, amayamba kutulutsa mawu asanadziwe chomwe anene, kuti apeze mpata woganiza. Tikamalemba, chizolowezi chija chimatitsatira, ndipo mutu wa chiganizo umadzaza ndi mawu ongokonza kukhosi. Njira yowagwirira ndi iyi: werengani chiganizo pang'onopang'ono, muike chala pa liwu loyamba limene likuuza womvera chinthu chatsopano. Zonse za kumanzere kwa chalacho zikayikireni.

Pa mzere wachiwiri chala chidutsa "monga mukudziwa", chifukwa ngati akudziwa palibe chomuuzira. Chidutsanso "anthu ambiri masiku ano amadandaula kuti", chifukwa womvera sakusamala za madandaulo a anthu ambiri, akusamala za foni yake. Chala chiima pa "batire". Tikausandutsa funso lolunjika kwa iye, mzere uja ukhala: "Batire la foni yanu likumatha msanga?" Maphatikizo atsika kuchoka pa 36 kufika pa 15, ndipo tsopano ndiwo mzere wotsegulira.

Pa mzere wachitatu, "ndiye chomwe chimachitika kwenikweni ndi chakuti" ndi masekondi oposa atatu a kudikira chabe. Kawirikawiri mukaona "chakuti", "yakuti" kapena "n'zakuti" kumayambiriro, chiganizo chenicheni chimayamba liwu limeneli likangotha. "Nkhani yake ndi yakuti", "chofunika kudziwa n'chakuti", "chomwe ndinganene n'chakuti", onsewa ndi banja limodzi. Dulani mpaka pa "chakuti" ndi iye yemwe, muwerenge chotsalacho, mudzaona kuti chaima chokha.

Mzere wachinayi ndi wachisanu uli ndi matenda ena, ozungulira lamulo. Mlembi akufuna womvera achepetse kuwala, koma akuopa kulamula, ndiye wakulunga mneni mu "chinthu choyamba chimene muyenera kuchita ndi kuonetsetsa kuti". Chichewa chili kale ndi ulemu mkati mwa mneni wolamula. "Chepetsani" ali ndi "-ni" wake, ndipo palibe amene angamve ngati wanyozedwa. Mzere wachinayi ukhala "Choyamba, chepetsani kuwala kwa sikirini", maphatikizo 15 m'malo mwa 38.

Chachinayi: finyani za mkati

Tsopano mukhoza kutsikira pa mawu amodziamodzi. Mitundu itatu ndi imene imabwerabwera.

Woyamba ndi mneni amene wasandutsidwa dzina kenako n'kupatsidwa mneni wina womunyamula. "Kupereka thandizo" ndi "kuthandiza". "Kuchita kafukufuku" ndi "kufufuza". "Ali ndi kuthekera kochita" ndi "angachite". Mukaona "kupanga", "kuchita" kapena "kupereka" atatsogolera dzina, funsani ngati dzinalo lilibe mneni wake.

Wachiwiri ndi alumikizi otalika: "ndi cholinga chakuti" ndi "kuti" basi, "chifukwa chakuti" ndi "chifukwa" kapena "poti", "pa nthawi imene mukudya" ndi "mukamadya". Pamenepanso pali alowam'malo omwe mneni wawanena kale. Mu "inuyo mukhoza kuona", "mu-" watchula kale munthuyo, ndipo "inuyo" amangofunika pamene mukumusiyanitsa ndi wina.

Wachitatu ndi mawu otsindika: "kwambiri", "zedi", "ndithu", "kwenikweni". Akachuluka amaphana mphamvu, chifukwa chilichonse chikatsindikidwa khutu silidziwanso chachikulu n'chiti. Wolankhula ali ndi liwu lake lotsindikira, chinthu chimene wolemba nyuzi alibe, choncho mawu ambiri otere ntchito yawo imagwiridwa kale ndi kamvekedwe. Mu mzere wachitatu "ndi imene" akhala "ndiyo", amene akutsindika yekha, ndipo "wambiri zedi" sakufunikanso: "Nthawi zambiri sikirini ndiyo imadya moto."

Mzere wachisanu, womwe unali wautali kuposa yonse ndi maphatikizo 58, unanena chinthu chimodzi kawiri. Pulogalamu yogwira ntchito kuseri ndi yomweyo imene simukuigwiritsa ntchito. Tisiya chimodzi: "Yatsani Battery Saver kuti mapulogalamu asamadye moto kuseri."

Ngati mukulemba pa kompyuta, lembani mndandanda wa mawu omwe inuyo mumawakonda, poti mlembi aliyense ali ndi ake asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo muwasake ndi Ctrl+F limodzi ndi limodzi. Musawafufute onse kamodzi. Kusaka kumangokuonetsani pomwe ali, kusankha n'kwanu.

Mawu ooneka ngati ongodzaza malo koma akugwira ntchito

Mwaona kuti "nthawi zambiri" ndamusiya mu mzere wachitatu, ngakhale akudya sekondi yathunthu. Ndamusiya chifukwa akachoka chiganizo chikhala chabodza. Pali mafoni omwe batire lawo langokalamba, ndipo pali ena omwe akutha moto chifukwa akusakasaka netiweki pamalo pomwe ndi yofooka. Mukanena kuti sikirini ndiyo imadya moto, osasiya mpata, munthu wa batire lokalamba ayesa malangizo anu, alephera, ndipo sadzakukhulupiriraninso. Siyanitsani mawu oteteza choonadi ndi mawu oteteza mlembi. "Nthawi zambiri" akunena za mafoni. "Ndikuganiza kuti mwina tinganene kuti" akunena za mantha a wolemba. Oyamba akhale, kamodzi kokha pa mfundo imodzi. Achiwiri apite.

Ndasiyanso "Choyamba". Wowerenga amaona ndime ndi manambala pa tsamba, koma womvera ali ndi makutu okha, ndipo mawu ngati "choyamba", "kenako", "koma", "chifukwa" ndi amene amamuuza pomwe wafika. Kudula "koma" kumapulumutsa maphatikizo awiri, n'kusiya ziganizo ziwiri zotsutsana zitangogundana popanda chozilumikiza.

Kubwereza dzina nakonso nthawi zina n'koyenera. Mzere wachinayi ukanatha kufupika n'kukhala "Chepetsani kuwala kwake." Koma liwu lomaliza limene womvera wangomva ndi "moto", ndiye kwa kamphindi khutu lake limva kuwala kwa moto. Pa tsamba akanabweza maso m'mwamba n'kuzindikira. Pa wailesi sangabweze. Maphatikizo atatu owonjezera a "kwa sikirini" alipira okha nthawi yawo.

Pa sewero nkhani imasiyanako pang'ono. Munthu wa m'sewero akamati "ndiye, eti, kunena zoona" pomwe akubisa kanthu, kudodoma kwakeko ndiko kukuuza omvera kuti akunama. Muyeso ndi womwe uja wa chala: mukaphimba mawuwo, kodi omvera ataya chinthu chokhudza munthuyo? Ngati anthu onse a m'sewerolo akudodoma mofanana, chizolowezicho n'cha mlembi, ndipo chidulidwe.

Chachisanu: bwezerani nthawi imene mwapeza

Tawonkhetsani. Mizere inayi yatsala ndi maphatikizo osapitirira 75, masekondi ngati 15, pomwe malire athu anali 130. Sikiriputi imene inkaoneka yodzaza inali ndi mfundo zokwana theka la nthawi yake yokha. Zimenezi zimachitika kawirikawiri, ndipo ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amaona mpata, n'kubwezeramo moni uja. Mpatawo upatseni chinthu chimene womvera angachigwiritse ntchito. Dzifunseni kuti akatenga foni kuti atsatire malangizo, akakakamira pati. Pano pali ziwiri. Pali langizo lina la sikirini lomwe linasowa malo, loti izizima yokha msanga, ndipo pali vuto loti si mafoni onse amalemba dzina loti Battery Saver. Sikiriputi yatsopano ndi iyi:

1. Batire la foni yanu likumatha msanga?
2. Nthawi zambiri sikirini ndiyo imadya moto.
3. Choyamba, chepetsani kuwala kwa sikirini.
4. Kenako ikani sikirini kuti izizima yokha pakatha masekondi makumi atatu.
5. Pomaliza yatsani Battery Saver kuti mapulogalamu asamadye moto kuseri.
6. Mafoni ena amalemba Power saving.

Maphatikizo ndi pafupifupi 120, masekondi 24 olankhula, ndipo 6 atsalira kupuma pakati pa mizere. Malangizo akhala atatu m'malo mwa awiri.

Onani mmene ndalembera nambala mu mzere wachinayi. Mu sikiriputi, nambala ilembeni mmene idzatchulidwire. "30" pa tsamba ndi zilembo ziwiri, koma pakamwa ikhoza kukhala "sate", maphatikizo awiri, kapena "makumi atatu", maphatikizo asanu ndi limodzi. Mukasiya wolankhula kuti asankhe yekha pa maikolofoni, muyeso wanu wonse wasokonekera, ndipo iye adodoma akafika pamenepo. Chimodzimodzi ndi zidule za mayina ndi zaka.

Kupumako kulembeninso. Ikani chizindikiro cha / pomwe wolankhula apume pang'ono, ndi // pomwe apume sekondi yathunthu. Mu vidiyo, kupuma kwakutali kuike pambuyo pa lamulo lililonse, kuti chithunzi cha chala chikutsitsa kuwala chionekere popanda mawu opikisana nacho. Ndipo ngati chithunzi chikuonetsa kale chinthu, musachinenenso. Mawu oti "monga mukuonera apa ndikutsegula" ndi ongodzaza malo ngakhale ali oona. Ngati dzina la Power saving lidzalembedwa pa sikirini ya vidiyo, mzere wachisanu ndi chimodzi ukhoza kuchoka wonse.

Chomaliza: yesani pa khutu la munthu wina

Jambulani mawu anu pa foni, muwamvere mutatseka maso. Kudula kukapyola muyeso kumadziwika ndi zizindikiro zitatu. Wolankhula amatha mpweya kapena amapunthwa pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse, zomwe zikusonyeza kuti mawu olemera aunjikana popanda opepuka pakati. Ziganizo zimakhala zofanana kutalika, zonse zazifupi, mpaka zimveka ngati munthu akukhoma msomali. Ndipo wolankhula amayamba kuwonjezera yekha timawu tomwe simunalembe. Chachitatuchi chiyang'anitsitseni. Ngati nthawi zonse akuika "ndiye" pakati pa mizere iwiri yomweyo, lilime lake likukuuzani kuti pamenepo pakusowa cholumikizira, ndipo ndi bwino mulembepo choyenera, monga "chifukwa" kapena "kenako", kusiyana n'kumuletsa.

Mukakonza zimenezo, pezani munthu amene sanaonepo tsambalo, mumumvetsere kamodzi kokha, osamufotokozera kanthu. Musamufunse ngati yamusangalatsa, poti adzangovomera. Mufunseni kuti atchule zomwe wauzidwa kuchita. Akatchula zonse zitatu motsatana, sikiriputi yatheka. Akaiwala chapakati, musathamangire kuwonjezera mawu. Yambani mwatalikitsa kupuma kwa patsogolo ndi pambuyo pa mzerewo ndi theka la sekondi, mujambulenso, muyese pa munthu wina amene sanaimvepo.